Mwa onse amene munawakongoza, muyambe kulondola ndani?

"Ndili ndi holoselo ku Limbe, ndipo makasitomala ena amatenga katundu pa ngongole ya masiku 30. M'buku mwanga ngongole zafika K4,000,000. Ndikufuna kudziwa amene angandithawe nazo ndalama, chifukwa onse amangoti mawa. Ndiyambire pati?"

Mayi, chiwerengero chimenechi pachokha sichingakuuzeni kanthu. Chofunika ndi msinkhu wa ngongole iliyonse, chifukwa ngongole ikamakalamba mwayi woti ibwere umachepa. Tengani invoisi iliyonse yosalipidwa, muwerenge masiku amene apita kuchokera tsiku lomwe inayenera kulipidwa, osati tsiku lomwe munailemba. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza, mpaka kuvutitsa kasitomala amene nthawi yake isanakwane. Kenako muike mainvoisiwo m'magulu asanu: osakwana nthawi, opitirira ndi masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi opyola 90. Ngati mumalemba mu Excel, ndipo tsiku lolipira lili pa D2, masiku opitirira mumawapeza chonchi:

```
=TODAY()-D2
```

Tiyerekeze kuti lero ndi pa 30 Juni, ndipo ndalama zanuzo zili kwa anthu atatu.

Mwini golosale wa ku Ndirande ali ndi K2,400,000, pa invoisi ya pa 10 Juni. Tsiku lake lolipira ndi 10 Julayi. Ndikudziwa kuti ameneyu ndi amene amakusowetsani tulo chifukwa cha kukula kwa ndalamayo, koma sanalakwe kalikonse. Mukumbutseni mwaulemu kutatsala masiku ochepa, basi.

Wachiwiri ndi wa lesitilanti ku Chichiri, ali ndi K900,000. Mwa izi, K600,000 ndi za katundu wa mu Juni, nthawi yake sinakwane. Zotsalazo, K300,000, ndi za invoisi ya pa 1 Marichi, imene inayenera kulipidwa pa 31 Marichi, ndiye yapitirira ndi masiku 91. Koma mukayang'ana bwino, mainvoisi a mu Epulo ndi Meyi analipira onse. Munthu amene akulipira zatsopano n'kudumpha yakale imodzi nthawi zambiri si wosowa ndalama. Pali chimene sanagwirizane nacho: mwina zigubu za mafuta zinafika zoperewera, mwina mtengo unasiyana ndi umene munapangana, kapena invoisiyo sinamufike n'komwe. Tengani chikalata chimene anasaina polandira katundu mupite nacho nokha. Musachedwe, chifukwa wantchito amene analandira katunduyo akangosiya ntchito, mboni yanu yapita.

Amene ine angandidetse nkhawa ndi wachitatu, wa shopu ku Bangwe, ngakhale ngongole yake ndi yaing'ono kuposa onse, K700,000. Invoisi ya pa 5 Epulo ya K400,000 yapitirira ndi masiku 56. Ya pa 5 Meyi ya K300,000 yapitirira ndi masiku 26. Chiyambire Epulo sanaperekepo ngakhale tambala. Apa palibe mkangano wa invoisi imodzi, ngongole yake yonse ikusunthira ku magulu akale limodzi. Pofika kumapeto kwa Julayi yoyambayo idzakhala pa masiku 87. Zimenezi zimaonetsa kuti ndalama zamuuma, ndipo ngati ali ndi ngongole kwa inu, n'kutheka kuti alinso nazo kwa anzanu ena a mu Limbe momwemo. Musamupatsenso katundu wa ngongole mpaka atayamba kulipira. Mukhale naye pansi, mulembe pangano lolipira pang'onopang'ono sabata iliyonse, asaine. Akafuna katundu watsopano agule pa kashi. Ndimaona kuti n'kwabwino kuchita zimenezi ngongole isanafike masiku 60, pamene m'shopu mwake mukadali katundu woti agulitse.

Ndiye chifukwa chake ndandanda wa mwezi umodzi sukwanira. Muupange tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, muusunge, ndipo muziyerekeza ndi wa mwezi wapita. Dzina limene linali m'gulu la 1 mpaka 30 n'kupezeka m'gulu la 31 mpaka 60 ndalama yake isanatsike, limenelo ndi loyamba kuliimbira foni.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimanamiza ndandandawu. Kasitomala amatumiza K200,000 pa Airtel Money kapena Mpamba osanena kuti ndi ya invoisi iti. Inu mukangoichotsa pa chiwerengero chonse, invoisi yakale imaonekabe ngati sinakhudzidwe. Mukaichotsa pa yakale kwambiri osafunsa, mungakwirire mkangano ngati wa ku Chichiri uja, n'kudzauzindikira patapita miyezi. Choncho ndalama ikangolowa, mufunseni wotumizayo tsiku lomwelo kuti ndi ya invoisi nambala chani, mulembe nambalayo pa lisiti, kenako muwerenge masikuwo.