Mwana akatumiza samu yolakwa pa foni, musathamangire kumupatsa yankho

“Ndimathandiza ana a Fomu 2 masamu madzulo. Amajambula homuweki n’kunditumizira pa WhatsApp, ine ndimachonga n’kulemba mayankho olondola. Koma sabata yotsatira amalakwitsanso zomwezo. Ndikasiya kupereka mayankho akuti ndikuwaumira. Nditani?”

Aphunzitsi, tiyeni titenge samu imodzi yeniyeni, chifukwa nkhani iyi imamveka bwino pepala la mwana lili patsogolo pathu. Funso ndi ili: 3(x − 4) = 2x + 5. Mwana walemba mizere itatu. Woyamba, 3x − 4 = 2x + 5. Wachiwiri, 3x − 2x = 5 + 4. Wachitatu, x = 9. Yankho lolondola ndi 17.

Mukangodula 9 n’kulemba 17 pambali, mwanayo wadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti walakwa. Sakudziwa pamene walakwira. Choopsa n’chakuti angayambe kukayikira mzere wachiwiri, umene wauchita bwino kwambiri. Yang’anitsitsani: wasonkhanitsa ma x mbali imodzi, −4 wamuwolotsa n’kukhala +4, wawonkhetsa bwino. Pa ntchito yonseyi cholakwa n’chimodzi, ndipo chili mu mzere woyamba. Pochotsa mabulaketi wachulukitsa 3 ndi x yekha, 4 wamusiya. Choncho musanagwire cholembera chofiira, tsatirani mizere kuchokera pamwamba mpaka mupeze mzere woyamba umene wapatuka. Zapansi pake zimangotsatira cholakwacho ndipo sizifuna ndemanga yakeyake.

Mukaupeza mzerewo, musalembe kanthu kaye. Onani masamu ena a mabulaketi pa tsamba lomwelo. Ngati pa masamu asanu walakwitsa imodzi yokha, kumeneko ndi kuphonya kwa changu, ndipo kungozunguliza mzerewo n’kulemba kuti “onanso apa” n’kokwanira. Koma ngati paliponse nambala yachiwiri ya m’mabulaketi akuisiya, mwanayo ali ndi lamulo lake m’mutu, lolakwika, ndipo akulitsatira mokhulupirika. Lamulo lotere silichoka ndi yankho lolondola. Ichi n’chifukwa chake zomwezo zimabwerera sabata yotsatira.

Uthenga woyamba ukhale waufupi ndipo umupatse ntchito. Mwachitsanzo: “Mzere wachiwiri ndi wachitatu wayenda bwino. Tsopano tenga 9 wakoyo umuike pamalo pa x mu funso lenilenilo, mbali zonse ziwiri. Ukupeza chiyani kumanzere, nanga kumanja?” Kumanzere apeza 3 kuchulukitsa 5, zomwe ndi 15. Kumanja apeza 18 kuwonkhetsa 5, zomwe ndi 23. Sizikufanana. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, ndipo apa 9 wamufotera m’manja inu musanamutsutse. Waphunziranso njira yodzichongera yekha, imene adzaigwiritse ntchito m’chipinda cha mayeso a MANEB, momwe inu simudzakhalamo. Mutsindike kuti aike mu funso lenilenilo. Akaika 9 mu mzere wake woyamba apeza 23 mbali zonse, n’kukhutira kuti walondola.

Pano ndiime pang’ono pa nkhani ya malikisi, chifukwa ndikudziwa kuti makolo amafuna kuona 6/10 pamwamba pa tsamba. Katswiri wina wa zamaphunziro wa ku Israel, Ruth Butler, anafalitsa kafukufuku mu 1988 momwe ana ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene ntchito yawo inapita patsogolo ndi a ndemanga zokha. Olandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha. Aliyense amene wabwezapo makope m’kalasi akudziwa mmene zimakhalira: maso amathamangira pa nambala, kenako pa nambala ya mnzake, kope n’kutsekedwa. Ine ndikuti malikisi adikire mpaka mwana atakonza. Ngati kholo likufuna nambala, ilandire ya ntchito yokonzedwayo.

Tibwerere kwa mwana wathu. Akadziwa kuti 9 sakugwira, mwina aona yekha polakwika. Ngati sanaone, uthenga wachiwiri uchotse x n’kusiya manambala okhaokha. Mufunseni apeze 3(10 − 4) m’njira ziwiri. Poyamba ayambe ndi zam’kati mwa mabulaketi: 10 kuchotsa 4 ndi 6, kuchulukitsa ndi 3 ndi 18. Kenako achotse mabulaketi monga anachitira pa homuweki: 30 − 4, apeza 26. Funso lanu likhale loti, kuti 30 afike pa 18 tiyenera kuchotsa zingati? Ayankha 12. Nanga 12 akuchokera kuti? Akangonena kuti ndi 3 kuchulukitsa 4, lamulo walipeza ndi pakamwa pake. Kwa mwana amene manambala okha sakumulowa, mutengereni kumsika: mwagula milu itatu ya tomato, mulu uliwonse wa tomato 10, ndipo mu mulu uliwonse 4 ndi owola. Owola onse ndi 12, chifukwa mulu uliwonse uli ndi ake.

Akakanikabe

Apa m’pamene ambiri amalakwitsa mbali inayo. Amamva kuti kupereka yankho n’koipa, ndiye amangofunsa mafunso, lachitatu, lachinayi, lachisanu, mwana ali pa foni ya mayi ake, bandulo ikutha, mawa m’mawa kope likufunika kusukulu. Mwana wotere akati mukumuumira akunena zoona. Mafunso awiri akalephera kumutsegula, ndiye kuti njirayo sakuidziwa, ndipo chimene munthu sakuchidziwa sungachifukule ndi mafunso. Muonetseni, koma pa samu ina yofanana nayo. Lembani 2(x − 3) = x + 4, mujambule timivi tiwiri kuchokera pa 2, kena kupita pa x, kena pa 3. Pansi pake 2x − 6 = x + 4, kenako x = 10, ndipo mumalize ndi kuyesa: kumanzere 14, kumanja 14. Mutumizeni chithunzicho ndi mawu akuti “chita chimodzimodzi pa yako ija.” Njira yonse mwamupatsa, koma 17 apeza ndi iye.

Zija zolemba “samala” kapena “limbikira” pansi pa tsamba zisiyeni, mwana sangachite nazo kanthu ndi pensulo. Musazungulizenso zolakwa zonse tsiku limodzi. Tsamba likafiira lonse mwana sadziwa poyambira. Sankhani cholakwa chimodzi chimene chikuwononga masamu ambiri, zina zidikire. Ndipo amene watumiza mayankho okhaokha opanda njira, kapena chithunzi chodula mizere yapamwamba, musamuchongere. Mupempheni ajambulenso tsamba lonse pamalo owala, chifukwa popanda mizere yake mungolota chimene chili m’mutu mwake.

Pa dandaulo lakuumira lija, auzeni ana onse dongosolo lisanayambe: utumiza, ndikuonetsa mzere ndi funso, ukonza n’kutumizanso, ndipo tsiku lomwelo ndikutsimikizira yankho. Akadziwa kuti yankho libwera ndithu, amapirira. Ngati ana ndi ambiri, sanjani ntchito zawo m’magulu malinga ndi cholakwa, uthenga umodzi wa mabulaketi upite kwa onse amene agwa pamenepo.

Pakapita masiku atatu kapena anayi, mutumizireni 5(y − 2) = 3y + 8 popanda kumukumbutsa chilichonse. Akapeza 9, lamulo lakhazikika, ndipo mutha kupita naye ku masamu okhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa mabulaketi, monga 7 − 2(x − 3). Akapeza 5 pa samu ya y ija, ndiye kuti wamusiyanso 2 osachulukitsa, bwererani naye ku milu ya tomato ija.