Musaphunzitse VLOOKUP anthu asanadziwe ntchito ya $

"Anzanga, andipatsa masiku 5 kuti ndiphunzitse Excel anthu ongoyamba kumene. Mitu ndili nayo, koma ndiyambe ndi uti?"

Achemwali, chonde munthu wa mu ofesi asakusinthireni ndondomeko. Ine zinandionekera chaka chatha, mpaka lero mtima umandiwawa. Ndinakonza kuti Lolemba tidziwe mayina a timabokosi monga A1 ndi B2, Lachiwiri tilembe fomula ya =B2*C2 n'kuikokera pansi, Lachitatu tikhome timabokosi ndi $, Lachinayi IF, VLOOKUP Lachisanu. Ndiye bwana amene anandipatsa ganyuyo akuti Lachitatu kukubwera alendo opereka thandizo, akufuna akaone zapamwamba, VLOOKUP ibwere tsiku limenelo. Ndinakana, iwo amvekere ndalama akulipira ndi iwo.

Lachitatu linafika, alendo ayima kumbuyo. Tebulo la mitengo lili F2 mpaka G20, shuga ali pamwamba penipeni. Aliyense analemba:

```
=VLOOKUP(A2,F2:G20,2,FALSE)
```

Mtengo unatuluka, anthu m'manja. Atangokokera pansi, #N/A mbwee! Fomula ikamatsika, tebulo nalo limatsika nayo: pofika mzere wa 6 ikuyang'ana F6:G24, shuga uja watsala kunja. Mankhwala ake ndi $F$2:$G$20 basi, kungodina batani la F4 pa kiyibodi, koma ndilo phunziro lomwe anandichotsera lija. Ndinayamba kufotokoza zinthu ziwiri nthawi imodzi, thukuta kamukamu, uku akundiitana, uko akundiitana. Mayi wina wa golosale, amene dzulo lake anawerengetsera yekha phindu la sopo akusekerera, anatseka laputopu mwakachetechete n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mutu wangawu si wa sukulu." Lachinayi sanabwerenso. Bwana uja anauza alendo kuti mphunzitsi sanakonzekere. Munthu woti sanakokerepo fomula chibadwire!

Inu yambirani kumapeto. Lembani chimene mukufuna adzathe kuchita Lachisanu, kenako dzifunseni kuti kuti achite chimenechi ayenera kudziwa chiyani kaye, muzibwerera m'mbuyo choncho mpaka mufike pogwira mawusi. Fayilo ikhale imodzi sabata yonse, ya golosale yomweyo, kuti ntchito ya lero iziyambira pomwe ya dzulo inathera. Mukadzimva mukunena kuti "ingolembani, tanthauzo lake tidzaona mawa", dziwani kuti mitu iwiri yasemphana.

Komabe musaumirire kwambiri dongosolo. Akuluakulu sachedwa kugwa ulesi mukawasunga tsiku lonse pa A1 ndi B2. Lolemba lomwelo aonetseni VLOOKUP ikutulutsa mitengo yokha, aone kumene mukupita, koma mawusi akhale m'manja mwanu. Ndipo Lachitatu asiyeni akokere fomula yopanda $ ilakwike kamodzi, aone okha tebulo likutsetsereka, kenako muwaonetse F4.