Dzina lothawa moni usanathe

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndikamapatsana moni ndi munthu wachilendo, amandiuza dzina lake, koma pasanathe mphindi imodzi limakhala litandithawa. Kodi ndingatani kuti ndizilisunga?"

Kawirikawiri dzinalo silinalowe n'komwe m'mutu mwanu, chifukwa pamene mnzanuyo ankalitchula, inu munali kukonzekera zimene munene iye akamaliza. Mu 1973, katswiri wa zamaganizo Malcolm Brenner anasonyeza kuti anthu akamawerenga mawu mosinthana pagulu, sakumbukira bwino mawu amene ananenedwa nthawi yawo yolankhula itayandikira. Choncho, ngati n'kotheka, yambani ndinu kutchula dzina lanu kuti pomwe iye akutchula lake mukhale mulibe china choyembekezera, ndipo mukangolimva mulibweze mokweza m'yankho lanu. Ngati munalimva molakwa, mwini wake adzakukonzani pomwepo.

Kumva kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokera. Amalitchula dzinalo chamumtima kakhumi motsatizana, koma macheza akangosintha limapita, popeza kubwereza chinthu chimene chidakali m'makutu sikuphunzitsa ubongo kuchifunafuna. Chimene chimathandiza ndi kulisiya pang'ono, kenako n'kudzifunsa. Thomas Landauer ndi Robert Bjork anayesa njira imeneyi pa mayina mu 1978, ndipo anapeza kuti kudzifunsa motalikitsa nthawi pang'onopang'ono kumasunga dzina bwino kuposa kudzifunsa motsatizana.

Tiyerekeze kuti pamsonkhano mwadziwana ndi bambo wina amene wati ndi a Phiri. Mwayankha kuti, "Ndakondwa kukudziwani, a Phiri." Pakatha masekondi pafupifupi 10, iwo akulankhula, yang'anani nkhope yawo n'kudzifunsa mumtima kuti, "Awa ndi ndani?" Dzifunseninso pakatha mphindi imodzi, kenako pakatha mphindi zisanu, ndipo potsanzikana muwatchule dzina. Ngati dzinalo likubwera movutikira pang'ono, ndiye kuti njirayi ikugwira ntchito. Ngati lasoweratu, mpata unatalika kwambiri, choncho funsani mwaulemu nthawi yomweyo, chifukwa kufunsa pa mphindi yachiwiri sikuchititsa manyazi ngati kufunsa patatha mlungu.

Mungawonjezere chithunzi cha m'maganizo, mwachitsanzo kuona phiri litakhala pa mphumi yawo yotakata. Chimangirireni pa chinthu chosasintha monga mphuno, nsidze kapena mpata wa mano, osati pa malaya amene mawa adzakhala atavula. Komabe ine njira imeneyi ndimaiika pambuyo, chifukwa imadya nthawi imene mumayenera kumvetsera, ndiponso nthawi zina chithunzi chimatsala dzina litapotoka, mpaka kuwatchula kuti a Mapiri. Mukadziwitsidwa kwa anthu asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, gwirani mayina awiri okha a anthu amene mulankhule nawo kwambiri, ndipo enawo muwafunse mukamacheza nawo mmodzimmodzi.