Kuchotsa zakumbuyo kwa chithunzi mu PowerPoint kuti botolo la chiponde litsale lokha

"Ndimapanga chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo. Sabata yamawa ndikukaonetsa bizinesi yanga kwa eni ake a sitolo ina yaikulu, ndiye ndikukonza masilayidi mu PowerPoint. Botolo ndinalijambulira pathebulo la kukhitchini, moti kumbuyo kukuoneka khoma loyera, mapoto ndi nsalu ya pathebulo. Nditayesa kuzichotsa, chivindikiro cha botolo chinachoka nawo limodzi. Ndichite bwanji?"

Mayi, ndikuganiza kuti chivindikirocho n'choyera. Ngati ndi choncho, chifukwa chake n'chimenecho. PowerPoint sadziwa kuti ili ndi botolo, ili ndi khoma. Iye amangoyang'ana pamene mtundu wina ukuthera ndi pamene wina ukuyambira, n'kuyerekeza kuti chinthu chimene mukufuna chili chapakati pa chithunzi. Chivindikiro choyera chikagundana ndi khoma loyera, kwa iye ndi chinthu chimodzi. Ubwino wake ndi woti mukhoza kumuwongolera.

Musanayambe, dinani chithunzicho ndi kusindikiza Ctrl+D kuti chikhale pawiri, china muchiike pasilayidi ina ngati chosungira. Kenako pa chithunzi chogwirira ntchito pitani pa Picture Format, musankhe Crop, mudule m'mbali monse mpaka botolo litsale ndi kampata kochepa kuzungulira. Anthu ambiri amalumpha zimenezi, koma mapoto akadulidwiratu, pulogalamuyo siisokonezekanso nawo.

Tsopano pa Picture Format pomwepo, chakumanzere kwenikweni, pali Remove Background. Batani limeneli lilipo kuyambira mu PowerPoint 2010, kungoti m'mitundu yakale muyenera kudutsira pa Picture Tools kenako Format. Mukadina, mbali ina ya chithunzi isanduka ya mtundu wa pepo wowala. Paliponse papepo ndi pamene pachotsedwe, ndipo pamene pasunga mtundu wake ndi pamene patsale. Ngati PowerPoint wanu ndi wakale, muonanso bokosi lokhala ndi timadontho m'makona mwake. Likokeni kuti botolo lonse, ndi chivindikiro chomwe, likhale m'kati, pakuti chilichonse chimene chili kunja kwa bokosilo chimatayidwa.

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Kulitsani chithunzi kaye: gwirani Ctrl uku mukuzunguza kagudumu ka mausi, mpaka chivindikiro chizioneka bwinobwino. Dinani Mark Areas to Keep, mausi asanduka ngati kapensulo. Lembani kamzere kafupi pakati pa chivindikiro, kuchokera kumanzere kupita kumanja, osafika m'mphepete mwenimweni. Dikirani pang'ono. Nthawi zambiri chivindikiro chonse chimabwerera, koma chimakoka ndi kachigawo ka khoma pamwamba pake. Pamenepo dinani Mark Areas to Remove, mulembe kamzere pakhomapo motsatira m'mphepete mwa chivindikiro, koma osachikhudza. Mukatero mwamuuza kuti malire ali pakati pa mizere iwiriyo.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kukhwatchakhwatcha pachithunzi chonse ngati mwana amene wapatsidwa choko. Mzere uliwonse umene mwalemba umachititsa pulogalamuyo kuwerengeranso chithunzi chonse, choncho mukhoza kukonza chivindikiro n'kupeza kuti pansi pa botolo paonongeka. Lembani mzere umodzi, muone chimene chasintha, kenako wina. Ukalakwika, Ctrl+Z akubwezerani kumbuyo. Zikasokonekeratu, Discard All Changes amafafaniza zonse kuti muyambirenso. Pansi pa botolo, pamene lakhudza nsalu, pamakhala mthunzi umene umakonda kukakamira. Uchotseni wonse, chifukwa mthunzi wotsala theka umaoneka ngati dothi. Mukakhutira, dinani Keep Changes.

Musakhulupirire zimene mukuona pasilayidi yoyera. Zotsalira za khoma loyera zimabisala pamenepo, n'kudzaonekera tsiku limene mwasintha mtundu wa silayidi kapena mwaika botolo pamwamba pa chithunzi china. Kuti muyese, jambulani bokosi lakuda ndi Insert kenako Shapes, mulidine ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Send to Back, ndipo muike botolo pamwamba pake. Ngati m'mphepete muli mkombero woyera kapena timaenje m'chivindikiro, dinaninso Remove Background mupitirize kukonza. Chithunzi choyambirira chimakhala chikadalipo pansi, sichinatayike.

Pali malire amene mizere singawadutse. Ngati chiponde sichinadzaze botolo, pakhosi pamakhala mbali yoonekera kuseri, ndipo khoma la kukhitchini kwanu lili m'kati mwa galasilo. Mukalisunga, khoma lapita nawo kumsonkhano. Mukalichotsa, chivindikiro chikhala ngati chikuyandama m'malere. Pa silayidi yoyera kapena yotuwira pang'ono, kusunga mbaliyo sikuoneka moipa, ndiye sankhani mtundu wa silayidi woyandikana ndi wa khomalo. Pa silayidi yakuda palibe chochita.

N'chifukwa chake ine ndikanakhala inu, poti sabata ikadalipo, ndikanajambulanso. Dzazani botolo mpaka pakhosi. Pezani pepala lalikulu la manila la mtundu umodzi umene mulibe pabotolo, monga la buluu wotuwa, mulitsamiritse kukhoma mbali ina itagona pathebulo. Ikani botolo motalikirako ndi mbali yoimirirayo kuti mthunzi usagwerepo. Jambulani masana pafupi ndi zenera kapena pakhonde pamthunzi, osayatsa fulashi, foni ili pa msinkhu wa lebulo osati kuchokera pamwamba. Ndi chithunzi chotere, Remove Background nthawi zambiri amalondola ulendo woyamba womwe, mwina n'kungofuna kamzere kamodzi. Posamutsira pakompyuta, gwiritsani ntchito chingwe, kapena ngati ndi pa WhatsApp tumizani ngati Document. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa, m'mphepete mwa zinthu mumachita chibwibwi, ndipo m'mphepetemo ndi mmene pulogalamuyo imadalira.

Mwina wina akuuzani za Set Transparent Color, imene ili pansi pa Color. Imeneyo imachotsa mtundu umodzi wokha umene mwadina, paliponse pamene ukupezeka. Pa chithunzi cha foni siithandiza, chifukwa khoma limene maso akuliona loyera limakhala ndi kuyera kosiyanasiyana, ndiye chimatuluka ndi mawangamawanga. Ntchito yake ndi pa logo ya bizinesi yokhala pa bokosi loyera losasakanikira. Ngakhale pamenepo chenjerani: ngati zilembo za m'logomo n'zoyera, nazonso zibooka.

Botolo likatuluka bwino, musaliwonjezere zambiri. Kamthunzi kofewa kochokera pa Picture Effects kenako Shadow kamathandiza kuti lizioneka lokhazikika. Soft Edges ikhoza kubisa m'mphepete mokhakhala, koma sankhani yaing'ono kwambiri, apo ayi botolo lioneka ngati likusungunuka. Pokulitsa, kokani pakona osati m'mbali, kuti lisafupike kapena kuonda. Ogula a m'sitolo adzafuna kuwerenga lebulo ndi kulemera kwa chiponde ali pampando, choncho lipatseni pafupifupi theka la silayidi, mtengo ndi kuchuluka kwa mabotolo m'katoni zikhale mbali inayo.

Kuti musadzabwerezenso ntchitoyi popanga kapepala kotsatsira malonda, dinani botolo ndi batani lakumanja, musankhe Save as Picture, ndipo mtundu wa fayilo ukhale PNG. Mukasunga ngati JPEG, kumbuyo kudzadzazidwanso ndi mtundu wina, chifukwa JPEG sasunga malo oonekera kuseri.