Kujambula nyali ya sola yomasulidwa: yambani ndi sikuludilaiva

“Zikomo. Ndimagulitsa nyali za sola ku Area 25 ndipo ndikufuna chikwangwani choonetsa za m'kati mwa nyali, zigawo zake zitatalikirana ngati zikuyandama m'mwamba. Ndayesa mapulogalamu a AI ojambula zithunzi, koma nthawi ina anajambula nyali ikuphulika ndi moto, nthawi ina anaikamo mawaya ndi magiya omwe mu nyali yanga mulibe. Ndilembe chiyani kuti zituluke bwino?”

Achimwene, pulogalamuyo sinaonepo m'kati mwa nyali yanu. Inaphunzira pa zithunzi zambirimbiri za zipangizo zina, ndiye mukaisiyira mpata imadzaza mpatawo ndi zomwe zimaoneka ngati zaumisiri. Magiya aja achokera kumeneko. Choncho musanalembe liwu ngakhale limodzi, tengani nyali imodzi m'sitolo, muimasule, muyale zigawo zake patebulo motsatana mmene zimalowerana, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tinene kuti nyaliyo ndi ya mtundu wofala, yozungulira, ya chogwirira. Mupeza sola pamwamba, kenako chivindikiro chomwe solayo imakhalapo, bolodi yobiriwira yokhala ndi mababu a LED ndi polowetsera USB, chikho choyera cha pulasitiki chomwe chimamwaza kuwala, batire, ndi tsinde lokhala ndi masikuluwu. Zigawo zisanu ndi chimodzi zikukwana. Ine ndimaona kuti mukapitirira zisanu ndi ziwiri, pulogalamu imayamba kuiwala zina kapena kuphatikiza ziwiri kukhala chimodzi. Timphira, tiwaya ndi mabatani muzisiye zili pa chigawo chachikulu chomwe zimakhalapo.

Mapulogalamu ambiri amamva bwino Chingerezi, ndiye malangizo ake alembeni chonchi:

```
Exploded-view technical illustration of a round solar lantern, isometric view, 6 parts separated along one vertical axis with equal gaps. Top to bottom: round solar panel, yellow plastic lid, green circuit board with LEDs and one USB port, white frosted diffuser cup, one blue 18650 battery, black base with 4 screws. Plain white background, soft even lighting, no text, no extra parts.
```

Moto uja mwina unabwera chifukwa cha liwu loti `exploded` litalembedwa lokha, kapena `exploding`. Likayendera limodzi ndi `view` komanso `technical illustration`, pulogalamu imadziwa kuti mukunena chojambula cha amisiri. Pa pulogalamu ya Midjourney mutha kuwonjezera `--no fire, smoke` kumapeto, ndi `--ar 2:3` kuti chithunzi chikhale chachitali, popeza zigawozo zikusanjikana chokwera. Musalembe `knolling`, chifukwa limenelo limayala zinthu pansi mwadongosolo ngati katundu wa pamsika, ndipo munthu sangaone kuti ichi chimalowa mu ichi.

Mawu ofunika kwambiri m'malangizowa ndi `one vertical axis`. Chithunzi cha mtunduwu chimamveka chifukwa diso limatsatira mzere umodzi, n'kumabwezera chigawo chilichonse pamalo pake m'maganizo. Mzerewo ukasowa, batire imapita kumanzere, sola imapendekeka, ndipo wogula amangoona zinthu zomwazikana. `isometric` nayo ili ndi ntchito yake: m'kajambulidwe kameneka chinthu chakutali sichichepa, choncho chivindikiro ndi tsinde zimaoneka zofanana kukula monga zilili zenizeni. Nyali yozungulira imamasuka chokwera, koma chikanakhala tochi yaitali mukanalemba `horizontal axis` ndi `--ar 3:2`.

Onaninso kuti chigawo chilichonse ndachipatsa mtundu wake ndi chomwe chinapangidwira. Mukangolemba mayina okha, pulogalamu imasakaniza, mwina chikasu cha chivindikiro n'kutsikira pa tsinde. Chikatero, musasinthe malangizo onse. Konzani mawu a chigawo chimodzicho, muyesenso, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Chithunzi chikatuluka, chiikeni pafupi ndi tebulo lija muyambe kuwerenga. Masikuluwu ndi anayi? Kodi aliyense walunjika bowo lake? Mapulogalamuwa sachedwa kujambula masikuluwu atatu kapena asanu ndi limodzi ngakhale mutalemba 4. Yang'anani batire. Ya 18650 ndi mamilimita 18 kunenepa kwake ndi 65 kutalika, ndiye iyenera kutalika pafupifupi katatu ndi theka kuposa kunenepa kwake. Ikatuluka yaifupi, yonenepa ngati ya wailesi, kapena yaikulu moti singalowe mu tsinde, chithunzicho chalakwika. Onani ngati polowetsera USB pa bolodi pakulunjika bowo la pa chikopa cha nyali. Kumapeto funsani funso limodzi: nditakankhira zigawozi pamodzi, nyaliyi ingatsekeke? Amene amakonza mafoni ndi mawailesi ku Malangalanga amaona zimenezi msanga kwambiri, ndipo pakati pa makasitomala anu alipo oterowo.

Apa ndinene mosabisa. Mawu okha amakupatsani nyali yofanana ndi yanu, koma si yanuyo. Ngati chikwangwani chikuuza wogula kuti izi ndi zomwe zili m'kati mwa chinthu chimene akulipira, chithunzicho chiyenera kuchokera pa zigawo zenizeni. Mukaonetsa mabatire awiri pamene muli imodzi, mwamunamiza ngakhale simunafune.

Njira yake ndi iyi. Jambulani chigawo chilichonse pachokha ndi foni, chili papepala loyera, pakhonde pamthunzi kuti pasakhale mithunzi yakuda. Foni isasunthe: ikhazikeni pamalo amodzi, ikuyang'ana chotsika pang'ono, patali ndithu ndi tebulo, n'kukokera chithunzi pafupi ndi zoom ya 2x, chifukwa mukayandikitsa kwambiri kamera imatupitsa mbali yapafupi. Inu muzingosintha chigawo, n'kuika chotsatira pamalo omwewo. Foni ikasuntha, chigawo china chioneka chapamwamba, china cham'mbali, ndipo sizidzagwirizananso. Kenako chotsani pepala lakumbuyo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Photopea kapena GIMP, musanjike zigawozo pamzere umodzi, mpata pakati pake ukhale wofanana.

Chithunzi chosanjikacho ndicho mumapatsa pulogalamu kuti ingochikongoletsa. Pa pulogalamu ya Stable Diffusion gwiritsani ntchito `img2img` ndipo `denoising strength` ikhale pakati pa 0.3 ndi 0.4. Pamenepo imasalaza kuwala ndi m'mbali koma maonekedwe a zigawo amakhalabe. Mukakweza kufika 0.7 imayambanso kupeka zake. ControlNet ya `canny`, chida chowonjezera pa Stable Diffusion, imathandiza kugwira mizere ya m'mbali kuti isasunthe. Pa ChatGPT kapena Gemini, kwezani chithunzicho mulembe `keep every part, count and position unchanged, only clean up lighting and edges`, koma muwerengenso zigawo, makamaka pa bolodi, chifukwa amakonda kuijambula mwatsopano.

Mayina a zigawo ndi timizere tolozera musapemphe pulogalamu. Zilembo zing'onozing'ono zimapotoka, makamaka za Chichewa, ndipo muvi wolembedwa kuti batire ungaloze pa sola. Lembani nokha mu Canva kapena Inkscape, manambala 1 mpaka 6 mbali imodzi, ndi mzere wodukizaduka pakati kusonyeza polowerana.

Musanapite kukasindikiza ku Old Town, onani kukula kwa fayilo. Chithunzi cha mapikiselo 1024 m'lifupi chimangokwana masentimita pafupifupi 9 pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse posindikiza, pamene pepala la A3 limafuna mapikiselo 3508 ndi 4961. Chikwangwani choonera patali chimatheka ndi 150 dpi. Kulitsani chithunzi ndi Upscayl, yomwe ndi yaulere, kenako muikepo malemba pambuyo pake kuti akhale akuthwa. Mukakulitsa, yang'ananinso bolodi ndi mitu ya masikuluwu, chifukwa pulogalamu yokulitsa nayo imawonjezera tizinthu tomwe panalibe.