Ndiikepo zingati pa ndalama zomwe ndasunga?

"Achimwene, ndimagulitsa zovala kuno ku Joni, ndipo kumudzi ku Mangochi ndili ndi munda. Mwezi wina zimayenda, wina ayi. Ndasunga R12,000. Mnzanga akuti tiode mabulangete ku Dragon City tikagulitse kumudzi. Ndiikepo zingati osadziika pamoto?"

Achemwali, yankho lili m'kope lanu la malonda. Tsegulani miyezi 12 yapitayi, muone phindu lokha mutachotsa ndalama yoodera. Musaphatikize miyezi yonse n'kugawa, chifukwa Disembala adzakunamizani. Sankhani miyezi itatu yomwe zinavuta kwambiri. Kwa ambiri a ife Januwale sasowapo, poti makasitomala amakhala atathera ndalama ku Khirisimasi ndi ku mayunifolomu a ana.

Tiyerekeze kuti miyezi imeneyo munapeza R2,500, R3,000 ndi R3,500. Zomwe simungazithawe pamwezi, monga lendi, chakudya, thiransipoti ndi yotumiza kumudzi, tinene kuti zimakwana R5,000. Ndiye kuti munapereweredwa R2,500, R2,000 ndi R1,500, zonse pamodzi R6,000. Imeneyo ndi nkhokwe yanu, isakhudzidwe. Patulaninso ndalama yoti muodere katundu wina ngati amene muli nayeyu atabedwa kapena kulandidwa pamsewu, mwina R3,500. Pa R12,000 ija patsala R2,500. Imeneyi ndi yomwe itatayika yonse mawa mudzatsegulabe malonda, ndipo simudzapita kukatenga katapila kuti mulipire lendi.

Nkhani ya mundayo ndiyo ikundikhudza kwambiri, chifukwa ambiri sitiiwerengera. Ndalama ya feteleza ndi mbewu yomwe mumatumiza mu Okutobala kapena Novembala mwaiika kale pachiswe, chifukwa mwini wake ndi mvula. Ikadula, simutaya fetelezayo yekha. Chimanga chimatha msanga m'nyumba, ndipo mafoni opempha thandizo amachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomweyo imene kuno malonda agona. Mavuto awiriwa amabwera atagwirana manja. Choncho ngati abale amadalira inu nokha, powerengera onjezerani yotumiza kumudzi m'miyezi yovuta ija musanaone chotsala.

Kumbukiraninso kuti mabulangetewo mudzagula ndi marandi koma adzakulipirani makwacha, kawirikawiri pangongole. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi ngongole zawo kwa anthu anatolera ndalama yosakwana kuodanso katundu yemweyo. Funsani mnzanuyo kuti ndalama idzabwera liti, komanso wotolera ndani.

Mtima nawo uli ndi malire ake. Dzifunseni kuti R2,500 itapita osabwerera, mudzagona tulo? Ngati mukuona kuti muzidzaimbira mnzanuyo foni tsiku lililonse, yambani ndi R1,000 paulendo woyamba. Koma ngakhale mtima utalimba chotani, musapyole chotsala chija, ndipo ndalama ya chipereganyu yomwe simunalandire musaiwerengere.