Zithunzi zoti mupemphe musanatumize ndalama ya foni yomwe simunaigwire

Funso ili lachokera kwa mlongo wina wa ku Luwinga kuno ku Mzuzu:

"Achimwene, ndapeza iPhone 12 yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wa ku Lilongwe. Wanditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp, foniyo ikuoneka yoyera bwino. Akuti nditumize theka la ndalama, aikweze basi, ndidzamalize ikafika. Ndimuuze ajambule pati ndi pati kuti ndidziwe kuti sindikupondedwa?"

Achemwali, zithunzi zitatu zija ndikhoza kuzilosera ndisanazione: china cha kutsogolo sikirini itazimitsidwa, china cha kumbuyo chizindikiro cha apozi chikunyezimira, chachitatu foni ili m'manja kapena pamwamba pa bokosi. Zimenezo ndi zithunzi zoitanira malonda. Aliyense akhoza kuzitola pa intaneti, ndipo ngakhale atazijambula yekha, kujambula molunjika chamaso kumabisa pafupifupi chilichonse chomwe mukufuna kuona.

Yambani ndi chithunzi chotsimikiza kuti foniyo ili m'manja mwake lero. Muuzeni alembe papepala tsiku la lero ndi liwu limodzi lomwe mwasankha inuyo, kaya ndi "Katoto" kaya "chinangwa", bola likhale loti sakanaliganizira. Kenako ayimbe *#06# pa foniyo. Ikatero imaonetsa nambala yotchedwa IMEI, ya manambala 15, yomwe foni iliyonse ili ndi yakeyake. Atulutsenso kathireyi koikamo simu, chifukwa pa iPhone 12 nambala yomweyo inalembedwa pakathireyiko m'timalemba ting'onoting'ono. Zinthu zitatuzi, pepala, sikirini yoonetsa IMEI ndi kathireyi, zikhale m'chithunzi chimodzi, kenako ajambulenso kathireyiko pafupi kuti manambala awerengeke. Pa sikirini mwina muona ma IMEI awiri. Musadabwe, foniyi ilinso ndi simu yam'kati yosagwirika, ndipo yomwe iyenera kufanana ndi ya pathireyi ndi yoyambayo. Werengani manambala onse 15, osangoti anayi akumapeto.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amapusitsidwa nacho. Musalandire sikirinishoti. Sikirinishoti siuza munthu kuti yachokera mu foni iti. Akhoza kuitenga m'foni ya mnzake yabwinobwino n'kukutumizirani. Chilichonse cha pa sikirini chijambulidwe ndi foni ina, thupi lonse la foni yogulitsidwayo likuoneka, pepala lija lili pambali. Akanena kuti alibe foni ina, pamalo ogulitsira mafoni sipasowa munthu wobwereka yake kwa mphindi zisanu.

Mukakhutira kuti foni ilipodi, bwerani ku thupi lake. Mumuuze avule kava, ndipo ngati pulotekita ili yosweka kapena yakuda m'mbali aichotsenso. Mawu oti "ndi pulotekita chabe yasweka" ndawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zina pansi pake galasi lenileni limakhala litang'aluka pomwepo. Ajambule masana pafupi ndi windo kapena pakhonde, osayatsa fulashi, foni itagona papepala loyera. Sikirini ikhale yozimitsidwa, yopukutidwa, ndipo kamera isayang'ane kuchokera pamwamba. Aitsitse chapansi, azijambula chopendeketsa, mpaka kuwala kwa windo kuoneke pagalasipo. Mikwingwirima ndi ming'alu yopyapyala imaoneka pokhapokha kuwala kukamadutsa chammbali, monga mmene mabampu a msewu wafumbi amaonekera bwino dzuwa likapendeka kusiyana ndi masana lili paliwombo. Achite chimodzimodzi kumbuyo, popeza kumbuyo kwa iPhone 12 nakonso ndi galasi.

Zithunzi zomwe ine ndimazikhulupirira kwambiri ndi za m'mbali, zinayi, mbali iliyonse payokha, kamera ili mulingo umodzi ndi foniyo. Foni ikagwa imagwera pakona, ndipo chitsulo chake cha aluminiyamu chimaphwanyika kapena kusupuka utoto pomwepo. Koma chachikulu chomwe mukuyang'ana ndi mzere womwe galasi limakumana ndi chitsulo. Uyenera kukhala wofanana kuzungulira foni yonse. Mukaona mbali ina galasi latukuka pang'ono, pali kampata koti chikhadabo n'kulowa, ndiye kuti mwina sikirini inasinthidwa osamatidwa bwino, kapena batire latupa ndipo likukankha galasi kuchokera m'kati. Batire lotupa si nkhani yokambirana mtengo, limatha kuyaka. Ndipo foni yoti ili ndi kampata kotere, ndi mvula ya kuno kwathu ija yosadziwa kukata, simukhala nayo nthawi yaitali chinyezi chisanalowe.

Mbali ya kumunsi ijambulidwe pafupi kwambiri. Pali potchajira, timabowo ta sipika, ndi timasikuluwu tiwiri, kena uku kena uku. Timitu take ndi tooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu. Foni yomwe sinatsegulidwepo timitu timeneti timakhala tosalala. Tikakhala tokalika, todyeka, tosiyana mtundu, kapena kamodzi kakasowa, amisiri analowamo. Kutsegulidwa pakokha si mlandu, mwina anangosintha batire. Koma wogulitsa akanena kuti "sinatsegulidwepo" pomwe sikuluwu ikunena zina, mwadziwa mtundu wa munthu yemwe mukuchita naye malonda. M'kati mwa potchajira yang'anani ngati muli zobiriwira kapena dzimbiri.

Kathireyi kakadali kunja, aunike ndi tochi m'kabowo ka simu n'kujambula. Mmenemo muli kachizindikiro koyera kapena kotuwa ngati siliva, komwe kamafiira kakakhudzana ndi madzi. Chithunzi chimenechi n'chovuta kujambula, musamukwiyire akabwereza kangapo. Mukaona pofiira, isiyeni. Foni yomwa madzi imatha kugwira ntchito bwinobwino milungu ingapo, kenako n'kungozima, dzimbiri litadya m'kati. Kukhala koyera sikutsimikiza zonse, chifukwa kachizindikiroko ena amakasintha, koma kufiira sikunama.

Makamera akumbuyo ajambulidwe pafupi, chopendeketsanso. Mukufuna kuona ngati timagalasi take tili ndi mng'alu, fumbi m'kati kapena nthunzi.

Tsopano sikirini iyake. Atsegule chithunzi choyera mbee chodzaza sikirini yonse, kuwala atakweza mpaka kumapeto, ajambule. Kenako chakuda bii, ajambulire m'chipinda chamdima. Poyera mumaona madontho, mizere, ndi zithunzithunzi za kiyibodi zomwe zinapserera pagalasi. Pakuda ndi pomwe pamagwidwa sikirini yachinyengo. Sikirini yeniyeni ya iPhone 12 ndi ya mtundu wa OLED, ndipo pamalo akuda imazimiratu, mumdima simuona kusiyana kwa sikirini ndi m'mphepete mwake. Amisiri ambiri akasintha amaikapo yotchipa ya LCD, yomwe ili ndi nyali kumbuyo, choncho chakuda chimaoneka chotuwa, chowala pang'ono. Nthawi zambiri mphepete mwake mwakumunsi mumakhalanso mokulirapo.

Patsala masamba atatu a m'kati. Loyamba ndi Settings > General > About. Pamenepo pali dzina la foni, kukula kwa malo osungira zinthu (64, 128 kapena 256 GB), ndi IMEI yomwe muifananitse ndi ija. Chapansi pali Carrier Lock, ndipo pafunika palembedwe No SIM restrictions. Kupanda apo simu yanu ya Airtel kapena TNM siigwira, foniyo inamangidwa ku kampani ya dziko lina. Patsamba lomwelo, foni ikakhala pa iOS 15.2 kapena yatsopano kuposa apo, pamatuluka Parts and Service History ngati batire, sikirini kapena kamera zinasinthidwa. Pakalembedwa Unknown Part ndiye kuti chomwe anaikamo foniyo sikuchizindikira. Lachiwiri ndi Settings > Battery, pomwe pali Battery Health. Foni iyi inatuluka mu 2020, ndiye ikamaonetsa 100% popanda mbiri yoti batire linasinthidwa, funsani bwino. Pansi pa 80% konzekerani kugula batire lina, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa foni. Lachitatu ndi pamwamba penipeni pa Settings. Ngati pali dzina la munthu, foniyo ikadali pa iCloud yake. Atulukemo inu mukuona pakanema. Akakanika chifukwa "mwini wake ali kutali", musapitirize. Foni yokhomedwa pa iCloud ya munthu wina palibe chomwe mungachite nayo, ndipo mwina ndi yakuba.

Mnyamata wina wophunzira ku Mzuni anandionetsa zithunzi za iPhone 12 yakuda yomwe ankafuna kugula mwa njira yomweyi. Zoyambazo zinali zokongola, foni itagonekedwa pansalu yakuda, moti m'mbali simunkaoneka. Titapempha chithunzi cha pepala ndi IMEI, wogulitsa anatumiza mosavuta ndipo manambala anafanana, ndiye foni inalipodi. Cha mbali ya kumanja chinaonetsa galasi litatukuka pang'ono pafupi ndi batani loyatsira. Kumunsi, kasikuluwu kamodzi kanali kowala kuposa kanzake. Chakuda chija chinatuluka chotuwa, ndipo pa About panalembedwa Unknown Part pa Display. Batire linali pa 84% ndipo m'kabowo ka simu munali moyera. Nkhani yonse inaoneka: foni inagwa, anaikapo sikirini yotchipa, koma sinamwe madzi ndipo si yokhomedwa. Wogulitsa atafunsidwa anavomera, nati iye anaigula ili choncho. Mnyamatayo anakafunsa mtengo wa sikirini yabwino kwa amisiri a m'tauni muno, anauchotsa pa mtengo wa foni, n'kugula akudziwa chomwe akugula. Kathireyi kakanasiyana nambala ndi sikirini, ndikanamuuza afunsitsitse, chifukwa mwina n'kathireyi chabe kanatayika, kapena thupi lonse ndi la foni ina.

Zonsezi zimaonongeka ngati zithunzi zifika zosaoneka bwino. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo mukachikulitsa timikwingwirima ndi manambala a pathireyi zimasungunuka. Muuzeni atumize ngati Document, kapena adine HD asanatumize. Bandulo yake ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama yomwe mukufuna kutumiza.

Pali zina zomwe chithunzi sichingaonetse: ngati Face ID ikugwira, ngati sikirini ikumva chala paliponse, ngati maikolofoni ndi sipika zili bwino, ngati ikutchaja. Izi zimafuna kanema mmodzi wosadukiza, kapena muyimbirane vidiyo. Ayambire papepala lija, atsegule foni ndi nkhope yake, agwire kachizindikiro ka pulogalamu imodzi n'kukakoka kuzungulira sikirini yonse osakasiya, alowetse tchaja, aikemo simu n'kukuyimbirani. Atsegulenso App Store, chifukwa mafoni ongofanizira iPhone amatsegula sitolo ya Android pamenepo.

Za theka la ndalama lija, zithunzi zingakuuzeni kuti foniyo ndi yotani, koma sizingamukakamize munthu kuikweza basi. Ngati muli ndi m'bale ku Lilongwe, mutumizireni chithunzi cha IMEI chija, akakumane naye, ayimbe *#06#, manambala akafanana ndiye mutumize ndalama foni ili m'manja mwa m'bale wanuyo. Ngati mulibe, sungani zithunzi zonse, ndipo phukusi likafika ku depoti mulitsegulire pomwepo, mufananitse IMEI, makona anayi ndi timasikuluwu musanamalize theka linalo.